Zikomo pa za Dzulo

Kwathu kum'mawa, munthu akakucitira cabwino lero, zikomo wa lero sakwanira. Mawa lake mukakumana pa mjigo kapena pa msika umayenera kuima, n'kunenanso kuti, "Zikomo pa za dzulo." Zikomo woyamba amatuluka yekha, ngakhale mwana amamutha. Waciwiriyu ndiye amasonyeza kuti cinthu cija unagona naco, unadzuka naco, ndipo ukudziwa cimene unalandira. Wodziwa kuthokoza amacita kucichula: mbeu ija ndabyala, njinga ija inandifikitsa.

Imelo yothokoza imene wophunzira amatumiza atacoka ku intavyu ya atachimenti ndi zikomo wa mtundu umenewu. Kusiyana kwake n'kwakuti iyo ili ndi kanchito kena kamodzi. Iyenera kukumbutsa anthu amene anakufunsa cifukwa cimene iweyo, osati amene anakhala pa mpando womwewo iwe utanyamuka, ukuyenerera malowo. Ndipo iyenera kucita zimenezi m'mizere yocepa kwambiri, yoti munthu aiwerenge pa foni ali ciimire, akuyembekezera kuti madzi a tiyi awire.

Ndakhala mbali inayo ya tebulo kwa zaka zingapo, mu ofesi ya maakaunti kumene caka ndi caka timalandira ophunzira a m'makoleji odzaphunzira nchito miyezi itatu. Conco ndiyambe ndi zimene zimacitika citseko cikatsekedwa. Tsiku limodzi timaona ophunzira asanu ndi atatu, nthawi zina khumi. Masivi awo amafanana ngati mazira a nkhuku imodzi: maphunziro omwewo, caka comweco, mizere yomweyo yonena kuti ndi olimbikira nchito ndiponso odziwa kugwirizana ndi anzawo. Aliyense wa ife ofunsa amakhala ndi pepala la mamakisi, ndipo amalidzaza wophunzira akangotuluka. Pofika madzulo mamakisi amakhala ataphatikizidwa. Imelo yako sidzasintha manambala amenewo. Ngati unalephera kufotokoza kusiyana kwa invoisi ndi lisiti, palibe zikomo amene angakupulumutse.

Koma mamakisi kawirikawiri samaliza nkhani. Malo ali awiri, ndipo anthu anai apeza 34, 33, 33 ndi 32. Kusiyana kotere ife tomwe sitikukhulupirira, cifukwa tikudziwa kuti wina tinamufunsa tisanadye, wina titakhuta. Pamenepo timayamba kukambirana, ndipo kukambiranako kumadalira zimene tikukumbuka. Tsono cikumbumtima ca munthu amene wamva mayankho ofanana kakhumi n'cosadalirika. Timafunsana kuti, "Uja wa jekete yabuluu ndi amene anakamba za misonkho, kapena ndi winayo?" Imelo imene yafika m'mawa mwake imagwera m'kukayika kumeneku. Imathandizanso pamene wosankhidwa woyamba wakana cifukwa wapeza malo ku Lusaka, ndipo tiyenera kubwerera ku mndandanda patapita sabata, nkhope zonse zitafufutika. Mpata wake ndi waung'ono comweco, koma ndi weniweni.

Maimelo ambiri amene ndawerenga amauwononga mpata umenewu m'njira ziwiri, ndipo zonse ziwiri ndimazimvetsa kumene zimacokera. Njira yoyamba ndi yopempha. Imelo imalembedwa m'Cizungu, koma ukamaiwerenga umamva munthu wogwada pakhomo, akuomba m'manja. Moni wautali, kufunsa za umoyo wa banja, kenako mavuto: makolo anagulitsa ng'ombe kuti alipire koleji, atachimenti akasowa sadzamaliza maphunziro, conde mumucitire cifundo. Zonsezi zingakhale zoona, ndipo zimakhudza mtima. Koma zimandiuza cifukwa cimene iye akufunira malowo, pamene funso limene ndili nalo ndi lakuti malowo akumufuniranji iye. Komanso zimandiika pa malo oipa, cifukwa anzake asanu ndi anai aja nawonso ali ndi makolo amene anagulitsa cinacake. Njira yaciwiri ndi yodziimbira ng'oma. Iyi imatengedwa pa intaneti, ndipo imabwereza sivi yonse ndi mau akuluakulu: ndine woyenerera koposa, ndidzabweretsa kusintha pa kampani yanu. Mwana wa caka caciwiri akalemba conco kwa mayi amene wasunga mabuku zaka makumi awiri, mayiyo amangomwetulira n'kupitiriza nchito yake.

Pakati pa ziwirizi pali kanjira kopapatiza, ndipo ndikuonetseni ndi nkhani ya muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za maakaunti.

Iye anaitanidwa ku kampani ina ya ku Chipata yogula soya, nshawa ndi mpendadzuwa kwa alimi. Intavyu inali pa Cinai m'mawa, mwezi wa Meyi, nyengo yogula mbeu ikuyandikira. Madzulo anafika kunyumba ndi foni m'manja, atalemba kale imelo yake, akufuna kuti ndingoona ngati Cizungu cili bwino. Cizungu cinalibe vuto. Anathokoza, ananena kuti anasangalala kudziwa zambiri za kampaniyo, anati ndi wolimbikira ndipo akuyembekezera kumva kucokera kwa iwo. Ndinamufunsa ngati pali mzere umodzi m'menemo umene mnzake wa m'kalasi sakanatha kutumiza ku kampani ina iliyonse. Anayang'ana, n'kuseka. Panalibe.

"Ika foniyo pansi," ndinatero. "Undiuze, anadandaula za ciani?"

"Sanadandaule, amalume. Anali kungofunsa mafunso."

"Palibe munthu amene amatenga wa atachimenti alibe kanthu komupweteka mutu. Pamene anali kufotokoza nchito, ndi pati pamene anacedwapo? Ndi pati pamene anayang'anizana?"

Anakhala cete kwa kanthawi. Kenako anakumbuka. Mayi woyang'anira maakaunti, pofotokoza zimene wophunzira azikacita, anachula kusunga mafailo ndi kulowetsa mainvoisi mu kompyuta mofulumira, ngati munthu wowerenga mndandanda. Koma atafika pa madepoti anausa moyo. Kampaniyo ili ndi madepoti anai kumidzi. Kalaliki amapima matumba pa sikelo, n'kulemba lisiti ndi bopeni: dzina la mlimi, makilo, mtengo, nambala ya foni. Ndalama zimatumizidwa pa foni kucokera ku ofesi. Mwezi ukatha, malisiti ndi sitetimenti ya ndalama zotumizidwa ziyenera kugwirizana, koma sizigwirizana, ndipo anthu awiri amatha sabata yathunthu akufunafuna pamene pasiyana. Bambo wa ku ofesi ya za anchito anaseka n'kunena kuti sabata imeneyo palibe amene amapatsa mayiwo moni.

Imeneyo ndiyo theka loyamba la imelo. Silicokera pa intaneti kapena pa cilengezo ca nchito. Limacokera m'cipinda muja, ndipo amalipeza ndi munthu amene anali kuchera khutu pamene ena anali kukonzekera yankho lotsatira m'mutu. N'cifukwa cake ndimauza ophunzira kuti akangotuluka pa geti, asanaimbire amai awo foni, akhale pansi pa mtengo alembe zinthu zitatu: maina a amene anawafunsa, tsiku limene anati adzayankha, ndi cinthu cimodzi cimene cinaoneka kuti cimawavutitsa. Pofika madzulo zambiri zimakhala zitauluka.

Theka laciwiri linatenga nthawi yaitali, cifukwa muphwa wanga anaumirira kuti sanagwirepo nchito kulikonse. Ndinamufunsa kuti nanga buku la vileji banki la amake amasunga ndani. Anati zimenezo si nchito, n'kuthandiza cabe. Amai ake ndi msungacuma wa gulu la azimai 28 a ku chalichi, ndipo popeza maso anayamba kuwavuta, kwa miyezi 14 mtsikanayu ndiye anali kulemba zonse mu Excel. Azimaiwo amatumiza ndalama pa foni mwezi ndi mwezi. Wina amatumiza pa foni ya amuna ake, wina pa ya mwana wake, wina amapita pa kabuthu ka ejenti, moti dzina lofika pa uthenga si dzina lolembedwa m'buku. Kuonjezera apo, nambala imodzi yomweyo imaoneka m'njira zitatu: m'buku inalembedwa kuyamba ndi 097, Excel imameza ziro wa kutsogolo n'kusiya 97, ndipo pa sitetimenti imabwera ndi 260 patsogolo. Kwa kompyuta amenewa ndi anthu atatu osiyana. Iye anapeza yekha njira yodula manambala onse kuti patsale 9 otsiriza:

```
=RIGHT(A2,9)
```

Atatero mbali zonse ziwiri, manambala anayamba kupezana. Anapanganso tsamba lina lolembapo manambala onse amene mai aliyense amatumizirapo. Pa kugawana kwa mu Disembala panasowa K1,350, azimai atayamba kale kuyang'anizana ndi maso ofiira, ndipo iye anaipeza usiku umodzi: zinali ndalama zitatu zotumizidwa pa kabuthu, zimene sizinalembedwe pa dzina la aliyense.

"Zimenezi unawauza?"

"Iyai. Ndikanawauza za vileji banki mu intavyu, amalume? Akanandiseka."

Sakanamuseka. Vuto la mayi uja ndi lomwelo, kungoti lake ndi la alimi mazanamazana. Mlimi amapereka nambala ya mkazi wake kapena ya mnansi, malisiti awiri amalipidwa pamodzi, imodzi imalipidwa kawiri pang'onopang'ono. Mwa ophunzira onse amene anafunsidwa tsiku lija, aliyense anaphunzira m'kalasi mmene amagwirizanitsira buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki. Koma kukhala usiku ndi manambala okana kugwirizana, uku azimai 28 akuyembekezera, ndi cinthu cina. Ophunzira athu ambiri ali ndi zinthu zotere m'thumba: anagulitsa m'kantemba ka azakhali awo, anasunga ndalama za kwaya, analemba maina pa cigayo. Samaziwerengera cifukwa panalibe amene anawapatsa kalata ya nchito.

Imelo imene anatumiza inali ya m'Cizungu, monga zimakhalira m'maofesi mwathu. Pano ndaiika m'Cinyanja, ndipo maina ndacotsa:

"Mayi Uje,

Zikomo cifukwa ca mpata umene munandipatsa dzulo, pa Cinai, wokambirana nanu pamodzi ndi Bambo Uje za malo a atachimenti mu ofesi ya maakaunti.

Ndakhala ndikuganizira zimene munakamba, zakuti malisiti a ku madepoti ndi sitetimenti ya ndalama za pa foni zimavuta kugwirizanitsa mwezi ukatha. Kwa miyezi 14 ndasunga buku la gulu la vileji banki la anthu 28, ndipo ndinakumana ndi vuto longa limeneli, ngakhale laling'ono: ndalama zofika pa maina ena, ndi manambala a foni olembedwa mosiyanasiyana. Ndinalicepetsa mu Excel mwa kufananitsa manambala 9 otsiriza ndi kusunga mndandanda wa mafoni onse amene munthu aliyense amatumizirapo. Ndingakonde kuphunzira mmene nchitoyi imayendera pa kampani ya kukula ngati yanu, ndi kuthandizako pa nyengo yogula ino.

Ndingayambe pa 2 Juni mpaka kumapeto kwa Ogasiti, ndipo kalata ya ku koleji ndili nayo kale.

Ine wanu,"

Pansi pake dzina lonse, koleji, ndi nambala ya foni. M'Cizungu sinafike mau 150.

Mau amene tinakanganirana kwambiri ndi aja akuti "ngakhale laling'ono". Iye poyamba, atangozindikira kuti ali ndi kanthu m'manja, analumphira mbali ina, n'kulemba kuti akudziwa mmene angathetsere vuto lawo. Ndinamuletsa. Sanaonepo lisiti yawo ngakhale imodzi. Sakudziwa ngati anayesa kale njira yakeyo n'kupeza kuti siikwanira. Munthu amene walimbana ndi cinthu zaka zambiri, mlendo wa mphindi makumi atatu akamuuza kuti yankho lake n'lapafupi, samva thandizo, amamva cipongwe. Mau awiri aja amasonyeza kuti mtsikanayu akudziwa kukula kwa cimene ali naco, ndipo kwa wa maakaunti kudziwa kukula kwa cinthu ndiye nchito yeniyeniyo. Cimodzimodzi "ndinalicepetsa" m'malo mwa "ndinalithetsa". Ndalama za pa kabuthu zinapitirizabe kumuvuta mwezi uliwonse, ndipo akanafunsidwa anayenera kuvomera.

Taonaninso kuti mulibe mau akuti ndine wosamala, ndine wakhama, kapena ndine woyenerera. Muli miyezi 14, anthu 28 ndi manambala 9. Wowerenga akaona zimenezi amadzinenera yekha mumtima kuti mwanayu ndi wosamala, ndipo zimene munthu wadzinenera yekha amazikhulupirira kuposa zimene wauzidwa. Koma manambala ali ndi mtengo wake: amafunsika. Ukalemba kuti unacita cakuti mu Excel, uyembekezere kuti pa Mande loyamba adzakukhazika pa kompyuta n'kunena kuti tiye tione. Cimene sungacite munthu ataima kumbuyo kwako usacilembe.

Anafuna kuonjezera zinthu zina ziwiri: kuti anapambana bwino mayeso a za misonkho, ndi kuti amadziwa kuyendetsa njinga yamoto, zimene zingathandize popita ku madepoti. Zonse ndi zabwino, koma tinazisiya. Imelo ya mfundo imodzi imakupatsa dzina. Pokambirana adzati "uja wa vileji banki", ndipo aliyense adzadziwa amene akunenedwa. Ya mfundo zitatu imakubwezera m'gulu la masivi ofanana aja.

Mzere wa masiku umaoneka wouma, koma kwa wolemba anchito ndi wokoma kuposa ina yonse. Ophunzira ambiri amasankhidwa kenako n'kunena kuti mayeso akutha pakati pa mwezi, kapena kuti kalata ya ku koleji sinasainidwe. Kampani yogula mbeu siingayembekezere, cifukwa soya akayamba kufika pa depoti safunsa ngati wa atachimenti wakonzeka. Za alawansi, ndalama ya basi kapena cakudya ca masana, musazilembe muno. Ndi mafunso oyenera, ndipo munthu asacite nawo manyazi, koma nthawi yake ndi pamene akuuza kuti wasankhidwa.

Pali cinthu cina cimene tinacotsa, ndipo ici ndi ca kwathu kuno. Bambo wa ku ofesi ya za anchito ndi Mubemba, ndipo ataona dzina la muphwa wanga anayamba cimbuya, monga zimakhalira Mubemba akakumana ndi wa kum'mawa: nkhani za mbewa mbali iyi, za anyani mbali iyo. Mtsikanayu anabweza bwino, cipinda conse cinaseka, ndipo anafuna kutsiriza imelo ndi kanthabwala komweko. M'cipinda muja nthabwalayo inali pa malo pake, cifukwa anaiyambitsa ndi wamkulu, ndipo nkhope zinali kuonana. Imelo imayenda. Imatumizidwa kwa bwana amene sanalipo, imasindikizidwa n'kuikidwa m'failo. Wowerenga wacitatu amangoona wophunzira akuseka mtundu wa munthu wamkulu. Cimodzimodzi kuchula kuti amalume anga amadziwana ndi a uje a pa kampani yanu, kapena kuti timapemphera chalichi cimodzi. Ngakhale amene akanakusankha mwacilungamo amayamba kuopa kuti anzake adzati anakondera.

Tsono za katumizidwe, zimene ndi zazing'ono koma zimagwetsa anthu. Njira yabwino ndiyo kuyankha pa imelo yomwe ija inakuitana ku intavyu, cifukwa pamwamba pake pali kale dzina la malo ndi tsiku, ndipo siingasocere kupita ku `Spam` ngati ya munthu wacilendo. Koma yang'ana kaye mzere wa `To` ndi wa `Cc`. Maofesi ena amaitana ophunzira onse ndi imelo imodzi, maadiresi onse ali poyera. Ukadina `Reply all` pamenepo, nkhani yako ya vileji banki waigawira onse amene ukupikisana nawo. Dina `Reply`. Ngati amene anakuitana ndi sekilitale, osati amene anakufunsa, lembera iyeyo ndi kumupempha mwaulemu kuti apereke uthengawo kwa Mayi Uje ndi Bambo Uje. Usapite kukafukula adiresi ya munthu kapena nambala yake ya foni imene sanakupatse. Uthenga wa pa WhatsApp wofika usiku kucokera kwa wophunzira amene sunamupatse nambala suoneka ngati ulemu, umaopsa. Ngati kampaniyo inakuitana pa WhatsApp pomwepo, monga zimacitira zing'onozing'ono zambiri, yankha pomwepo, koma ulembe ngati kalata, uthenga umodzi wathunthu, wopanda tizithunzi ta manja opemphera.

Dzina la munthu lilembedwe bwino. Nyirenda si Nyirongo, Mwale si Mwanza. Ngati sunamve bwino pamene anadzichula, funsa pa risepushoni potuluka, palibe amene amakana kukuuza. Usayerekeze kuti mai aliyense ndi `Mrs`. Ngati sanadzichule conco, `Ms` sikulakwira munthu. Ndipo adiresi yako yomwe ikhale ya dzina lako, osati ija unatsegula uli giredi 9 ya dzina la woimba. Usamatepo sivi kapena masatifiketi pokhapokha ngati anakupempha, ali nazo kale.

Nthawi yake ndi tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, osapitirira pamenepo, cifukwa kukambirana kuja kumacitika msanga. Intavyu ikakhala pa Cisanu, tumiza asanaweruke, usayembekezere Mande. Ife tinamaliza kulemba ca m'ma 21:00. Imelo yofika usiku imakwiriridwa ndi zina zofika m'mawa, ndiponso magetsi ndi netiweki za kwathu sizolonjeza kuti mawa zidzakhalapo. Conco mu Gmail anadina timadontho titatu ta pambali pa `Send`, n'kusankha `Schedule send`, n'kuika 08:00 ya pa Cisanu. Akatero, ngakhale foni itazima kapena mabandulo atatha, imelo imapita yokha. Asanadine ndinamuuza kuti aiwerenge mokweza kamodzi, ndipo ndi pamene anamva kuti foni inasintha dzina la mayi uja kukhala liu lina la Cizungu.

Pali malo amene imelo yotereyi iyenera kufupikitsidwa kwambiri kapena kusiyidwa. M'maofesi a boma ndi m'mabungwe ena akuluakulu, kumene cilengezo ca nchito cimacenjeza kuti wonyengerera ofunsa adzacotsedwa pa mndandanda, kulembera mmodzi wa ofunsa payekha kungaoneke ngati kunyengerera komweko. Kumeneko mizere iwiri yothokoza, yopita ku adiresi ya ofesi, ndi yokwanira, ndipo mfundo yako yatsopano uisunge. Ndiponso ngati m'cipinda muja simunatuluke vuto lililonse, kapena linatuluka koma iwe ulibe cimene unacitapo cofanana nalo, usapeke. Chula cinthu cimodzi cimene unamva, unene cimene cakukopa pa ico ndi phunziro la ku koleji limene likugwirizana naco. Imelo yotere ndi yofooka poyerekeza ndi ya muphwa wanga, koma ndi yoona, ndipo imasonyezabe kuti makutu ako anali m'cipindamo.

Ena amafunsa ngati angagwiritse nchito imeloyi kukonza yankho limene analakwitsa. Zimatheka, ngati yankholo linali la cinthu codziwika, ndipo kukonzako kukukwana mzere umodzi wopanda kupepesa kwambiri. Koma pamenepo yasanduka mfundo yako imodzi ija. Uyenera kusankha cimene ukufuna kuti akukumbukire naco, ndipo nthawi zambiri si nzeru kuwakumbutsa pamene unapunthwa, pomwe mwina iwo anaiwala kale.

Imelo ya muphwa wanga sinayankhidwe. Pa Ciweru anali ataiyang'ana foni kosawerengeka, ndipo pa Mande anafuna kutumiza ina yofunsa ngati yoyamba inafika. Ndinamuuza kuti ambiri a ife sitiyankha maimelo amenewa, osati cifukwa ca mwano, koma cifukwa ciliconse cimene ungalembe cisankho cisanalengezedwe cimamveka ngati lonjezo. Iwo anati adzayankha pofika pa Cisanu ca sabata yotsatira. Tsiku limenelo likadutsa ndi masiku awiri kapena atatu, ndi pamene angalembe kamodzi, mizere iwiri, kufunsa ngati cisankho capangidwa. Sizinafike pamenepo. Anamuimbira pa Citatu.

Pa 2 Juni mayi uja anamulandira ndi katoni ya mabuku a malisiti a depoti imodzi, n'kuiika pa tebulo. "Ndiwe wa vileji banki uja? Yamba ndi awa." Madzulo anandiimbira. Njira yake ya manambala 9 inagwirizanitsa mizere yambiri ndithu, koma panatsala mulu wina umene kompyuta sikanathandiza. Kalaliki wa pa depotiyo sanali kusindikiza bopeni mwamphamvu, ndipo pa makope a kaboni 1 ndi 7 zinali kuoneka cimodzimodzi. Sabata yaciwiri anamutumiza ku depoti komweko pa lole ya soya, atanyamula katoni ija pamiyendo, kukafananitsa makopewo ndi malisiti amene alimi anasunga m'nyumba zawo.